Kodi alipodi mmodzi amene Mulungu anakulembera?

Woyang'anira gulu: Abale, uthenga uwu wabwera kumbali kuchokera kwa mlongo wathu wina, wapempha kuti timubise dzina. Timuyankhe mwaulemu chonde.

"Moni nonse. Ndili ndi zaka 29, ndimagwira ntchito mu Lilongwe muno. Ndili pa ubwenzi ndi mnyamata wina, mphunzitsi wa ku sekondale, ndipo chinkhoswe tinapangana kuti chichitike mu Ogasiti. Atsibweni ake anafika kale kwathu ku Dedza. Ndi munthu wabwino, samwa, sanandikwezerepo dzanja, amayi anga amamukonda. Koma chiyambireni zokonzekerazi timangokangana, ndipo nkhani yake ndi imodzimodzi, ya ndalama. Mwezi uliwonse amatumiza K90,000 kwa amayi ake, amalipiranso fizi ya mng'ono wake, koma sandiuza. Ndimangodziwira pa uthenga ukalowa mu foni mwake. Mnzanga wa ku ntchito akuti akanakhala nthiti yanga yeniyeni sitikanamavutana chonchi, zinthu zikanamangoyenda zokha. Chinanso ndisabise: amene ndinali naye pa ubwenzi ku koleji wayamba kundilembera pa WhatsApp, ali ku Cape Town. Ndikaona dzina lake mtima umagunda, pomwe ndi uyu sugunda choncho. Ndiye ndikufunsa: alipodi munthu mmodzi amene Mulungu anakulembera, woti ukamuphonya basi zako zada? Kapena banja ndi kusankha munthu n'kumamusankhabe tsiku ndi tsiku?"

Mbale wa ku Ndirande: Asisi, alipo. Mulungu sanatenge nthiti zisanu kwa Adamu, anatenga imodzi. Wantchito wa Abulahamu atapita kukafunira Isake mkazi anapemphera pa chitsime, asanamalize n'komwe Rebeka anatulukira. Sanabwere atsikana khumi kuti asankhepo. Ngati mtima ukukana, musaukakamize. Salani kudya, pitani ku phiri, Mulungu akuonetsani wanu.

Wa ku Joni: Funso ndi limodzi basi. Wa ku Cape Town-yo ali ndi mapepala? Akugwira chiyani? Chifukwa ife tili konkuno timawadziwa anyamata ojambulitsa pa galimoto za mabwana awo.

Nachisale: Inu a ku Joni, mlongoyu sanafunse za pemiti.

Wa ku Joni: Ndiye afunse. Mtima ukhoza kugunda, koma lendi sadikira.

Atsibweni a ku Ntcheu: Mwanawe, ndakhalapo nkhoswe wa maukwati a adzukulu anga angapo, ena alipo mpaka pano, ena ndinakawathetsa ndekha. Ndiyambe ndi za mnzako wa ku ntchitoyo. Mawu akuti "akanakhala wako simukanakangana" ndi amene agwetsa mabanja ambiri kuposa mowa. Makolo athu akanakhala kuti amakhulupirira zimenezo sakanaika ankhoswe. Nkhoswe ntchito yake si kudya nkhuku ya pa chinkhoswe ayi. Amaikidwa tsiku loyamba lenilenilo, anthu akuvina, chifukwa aliyense akudziwa kuti awiriwa adzayambana ndipo padzafunika khomo loti akagogode usiku.

Tsono nkhani yako ndaiwerenga kawiri. Sindikuonamo nkhani ya nthiti. Ndikuonamo nkhani ziwiri zimene iwe waziphatikiza. Yoyamba, mnyamatayo amathandiza kwao. Yachiwiri, amakubisira. Yoyambayo siidzatha, ndipo usayembekezere kuti ithe. Mwana amene anaphunzira pakhomo pa anthu osauka amakhala ndi ngongole imene salemba pa pepala, ndipo mwina amayi akewo anagulitsa mbuzi kuti iye afike pamene wamupezapo. Ukamuuza kuti asiye, udzakhala mkazi amene anatseka dzanja la mwana wawo, dzina limenelo silichoka. Yachiwiriyo ndi imene iyenera kutha chinkhoswe chisanachitike.

Nachisale: Atsibweni, koma ngati akubisa panopa asanalowe m'banja, akadzalowa ndiye zidzakhala bwanji?

Atsibweni a ku Ntcheu: Ndi chifukwa chake ndati ithe panopa. Koma tifunse kaye chimene akubisira. Alipo wobisa chifukwa ndi wakuba mtima, alipo wobisa chifukwa ulendo woyamba atanena panabuka mkangano ndiye anaona kuti bola kukhala chete. Awiriwa amasiyana, ndipo kuwasiyanitsa kwake n'kosavuta. Mlongoyu akhale naye pansi, masana, osati pa foni, osatinso tsiku limene uthenga walowa. Aliyense anene malipiro ake enieni. Alembe lendi, chakudya, thiransipoti, za chinkhoswe, kenako mzere wa kwao kwa mwamuna ndi mzere wa kwao kwa mkazi, chifukwa ndikhulupirira naye amatumiza kena kake ku Dedza. K90,000 ija ilowe pa pepalapo poyera ngati lendi, isakhalenso yozembetsa. Fizi ya mng'ono wakeyo afunse kuti ali fomu chiyani, yatsala materemu angati, ndipo pambuyo pake pali winanso kapena ayi. Agwirizane kuti chilichonse choposa pamenepo, kaya matenda kaya maliro, auzane asanatumize. Kenako adikire miyezi iwiri. Wobisa chifukwa cha mantha amapepukidwa, iye mwini amayamba kunena kuti mayi aimba akufuna feteleza. Wakuba mtima amavomera zonse mwamsanga, kenako amaika pasiwedi yatsopano pa foni. Ogasiti akadali kutali, nthawi yoonera zimenezi ilipo.

Aphunzitsi a ku Zomba: Zimene akunena atsibweniwa zikugwirizana ndi kafukufuku wina amene ndinawerenga. Katswiri wa za maganizo wa ku Amereka, Raymond Knee, mu 1998 anafunsa achinyamata a pa yunivesite za chikhulupiriro chawo pa chikondi. Ena ankati anthu awiri amakhala oyenerana kuchokera pa chiyambi kapena ayi, ena ankati ubwenzi umachita kulimidwa. Atawatsatira anapeza kuti oyamba aja zikawakomera poyambirira amakhalitsa ndithu, koma zikayamba mokayikitsa amachoka msanga, ndipo vuto likabwera amakonda kudzipatula m'malo molikonza. Enawo vuto likabwera amalikambirana. Ndiye kukhulupirira za nthiti sikusintha munthu amene wakumana naye, kumasintha mmene ukuwerengera mkangano woyamba. Wina akuti "tayambana, tikonze", wina akuti "tayambana, ndiye kuti si ameneyu".

Mbale wa ku Ndirande: Aphunzitsi, mukuyeza za Mulungu ndi ana a sukulu a ku Amereka? Anthu oti alibe ankhoswe, alibe apongozi owadalira?

Aphunzitsi a ku Zomba: Apo mwanena zoona, anali ana a sukulu ndipo anali maubwenzi, osati mabanja a zaka makumi awiri. Kafukufukuyo sanganene ngati Mulungu amalembera munthu mnzake kapena ayi, palibe sikelo yoyezera zimenezo. Akungoonetsa zimene chikhulupirirocho chimachita mwa munthu. Ndipo mlongo wathuyu akuchita zomwezo: mkangano wa ndalama wausandutsa umboni woti mwina analakwitsa munthu.

Nankhoma wa Chigwirizano: Ine ndine mlangizi wa mabanja ku mpingo kwathu, ndiye ndiyankheko mbale wa ku Ndirande ndi Buku lomwelo. Adamu analibe wina woti asankhepo, tisamuike pa mlandu uno. Za Rebeka, werengani mpaka kumapeto. Abale ake anamuitana n'kumufunsa ngati apite ndi munthuyo, iye n'kuyankha kuti apita. Anafunsidwa. Ndipo banja lomwelo losankhidwa pa chitsime ndi limene linadzagawikana, bambo kukonda Esau, mayi kukonda Yakobo, mpaka Rebeka kuphunzitsa mwana kunamiza bambo ake osaona. Ngati limenelo ndi banja lolembedwa kumwamba, ndiye kuti kulembedwa sikuchotsa mavuto.

Yakobo nayenso mtima wake unali pa Rakele, anamugwirira ntchito zaka 14. Koma pomwalira anapempha kukaikidwa ku phanga la Makipela, kumene anati anaikako Leya, ndipo Yuda, kholo la Davide, anabadwa mwa Leya. Ndiuzeni nthiti ya Yakobo inali iti. Paulo pa 1 Akorinto 7:39 akuti mkazi mwamuna wake akamwalira ali womasuka kukwatiwa ndi amene afuna, koma mwa Ambuye. Akuti amene afuna. Sananene kuti adikire maloto.

Mbale wa ku Ndirande: Mayi, nanga "chimene Mulungu wachimanga pamodzi munthu asachilekanitse"? Ndiye kuti amamanga ndi Mulungu.

Nankhoma wa Chigwirizano: Amamanga amene alumbira, mwananga. Mawu amenewo pa Mateyu 19 Yesu ankayankha anthu ofuna kusiya akazi awo, sankaphunzitsa anyamata kafunidwe ka mbeta. Ine sindikukana kuti Mulungu amatsogolera. Ndikukana zoti chizindikiro chake ndi kugunda kwa mtima.

Mayi a Pemphero: Ndiloleni ndinene zanga. Mwamuna wanga woyamba tinakumana ku kwaya, ndipo mukanandifunsa nthawi imeneyo ndikanalumbira kuti kunja kuno kulibenso wina. Anamwalira pa ngozi ya minibasi Pemphero akuyamwa. Ndinakhala zaka zambiri ndikukana aliyense, ndimvekere wanga anapita. Amene ndili nawo panowa anali bambo oferedwanso, tinkagulitsa moyandikana mu msika, iwo zitsulo ine kaunjika. Mtima sunagunde ngakhale pang'ono. Chimene ndinaona n'chakuti mwana wanga atagonekedwa m'chipatala ndi malungo, anatseka benchi yawo n'kumandibweretsera phala m'mawa uliwonse, osanena chilichonse. Lero ndimawakonda, osati mowathokoza chabe ayi, kuwakonda kwenikweni, akachedwa kubwera ndimakhala pa khonde. Ndiye mundiuze inu a nthiti imodzi, mwa awiriwa wabodza ndi uti? Woyamba uja sindinamuiwale, ndipo bambo ano amadziwa, nawonso akazi awo oyamba chithunzi chawo chili pa balaza.

Nachisale: Mayi a Pemphero mwandiliza.

Wa ku Chipata: Kuno ku Zambia banja timalitcha shipikisha kilabu, gulu la opirira. Alangizi akakuika m'nyumba amakuuza kuti ukalowa walowa. Ine ndiye mbali ya kusankha tsiku ndi tsiku ndimaiopa, chifukwa kwathu kuno amene amauzidwa kuti asankhe tsiku ndi tsiku ndi mkazi yekha.

Nabanda: Zikomo a ku Chipata, ndimadikira wina anene. Inu nonse mukuti banja ndi kusankha, banja ndi kulimbikira, mawu amenewo ndi amene anandisunga ine m'nyumba ya munthu wondimenya. Ndikapita kwa ankhoswe, "banja ndi kupirira". Ndikapita kwa amayi a ku mpingo, "gwada pansi, mwamuna ndi mwana". Ndinkadzuka m'mawa uliwonse n'kumusankha, iye n'kumasankha wa ku bala. Dzino ili ndinataya ndili m'kati mosankha. Bola wokhulupirira za nthiti, amati uyu si wanga n'kunyamuka akadali ndi mano onse.

Atsibweni a ku Ntcheu: Nabanda, pepani kwambiri, ndipo ankhoswe anuwo analephera ntchito. Kupirira kumene ankanena akuluakulu kunali kwa njala, matenda, kusabereka, umphawi, zinthu zogwera awiri pamodzi. Kumenyedwa si mlandu wa ankhoswe okha, ndi wa ku polisi ku Vikitimu Sapoti, ndipo lamulo loletsa nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006. Mdzukulu wanga wina ndinakamutenga ndekha ndi katundu yemwe. Koma sindivomera kuti chikhulupiriro cha nthiti chimapulumutsa. Ndaonapo mkazi akumenyedwa n'kumati sindingachoke, aneneri anandiuza kuti uyu ndi amene Mulungu anandipatsa. Ameneyo ndiye womangika kuposa wopirira, chifukwa kuchoka kwa iye n'kukana Mulungu.

Nabanda: Ameneyo aliponso, sindikana. Koma muziti mukamanena zosankhazo muzinena kuti osankha akhale awiri. Mukangosiya pamenepo atsikana amamva kuti ntchito ndi yawo.

Nankhoma wa Chigwirizano: Awiri ndithu. Ndipo alangizi tili ndi mlandu pamenepa, mtsikana timamulangiza usiku wonse, mnyamata mphindi makumi awiri n'kumupatsa fanta.

Mnyamata wa pa Kabaza: Ine funsoli ndalimva mosiyana. Mlongoyu akufunsa ngati abwerere kwa wakale. Yankho ndi ayi. Wakale ndi wakale. Mwatha.

Nachisale: Sanafunse zimenezo achimwene, koma mwina mwalasa pomwe pali chilonda.

Aphunzitsi a ku Zomba: Pa za wa ku Cape Town-yo ndinenepo. Mpikisanowu si wachilungamo. Mphunzitsiyo mlongoyu amamuona atatopa, atakwiya, mwezi uli pakati ndalama zitatha. Winayo amamuona pa mauthenga osankhidwa bwino, usiku, ndipo zimene akumukumbukira ndi za ku koleji, nthawi imene panalibe lendi kapena apongozi. Sanayambe wakanganapo naye za K90,000 chifukwa sanayambe wagawanapo naye K90,000. Nayenso ali ndi amayi ake, ndipo anthu a ku Joni ndi amene amatumiza kwambiri kumudzi. Kugunda kwa mtimako n'koona, si bodza, koma kumabwera ndi chinthu chatsopano, chobisika ndi chosatsimikizika. Atati akwatirane naye, pakatha zaka zingapo dzina lake pa foni lidzatanthauza "ugule magetsi".

Funso limene mlongoyu sanatiuze ndi lakuti ubwenzi wa ku kolejiwo unatha bwanji.

Wa ku Joni: Ndi zimene ndimanena ine, mwangozinena mwa sukulu.

Achimwene a ku Balaka: Ine ndili ndi funso kwa amene mukuti chikondi chokhalitsa ndi kusankha. Agogo athu ankakhala zaka 50 limodzi. Ife zaka zitatu basi kukhoti. Ndiye kuti iwo ankadziwa kusankha kuposa ife? Ine ndikuona ngati mafoni ndi mafilimu ndi amene abweretsa zonsezi.

Aphunzitsi a ku Zomba: Achimwene, kwanu komweko nkhaniyi ndi yakale kuposa WhatsApp. Georges Reniers anasindikiza kafukufuku mu 2003 wa m'midzi ya ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka. Anapeza kuti mwa maukwati oyamba 100, oyembekezeka kutha anali pakati pa 40 ndi 65, Balaka ndiye anali pamwamba, Rumphi pansi. Nthawi imeneyo kumudzi foni inali ya ku positi ofesi. Ndiye tinene kuti anthu a ku Rumphi amapeza nthiti zawo kuposa a ku Balaka? Kapena amakonda kwambiri? Ayi. Kumene kuli chikamwini mkazi ali pa mudzi wa kwao, munda ndi wake, ana ndi a mbumba yake, banja likatha amene amanyamula chikwama ndi mwamuna. Kumene kuli malowolo mkazi ali kwa eni, akachoka ana amatsala, ndipo nkhani ya ng'ombe imadzuka. Khomo lina ndi lopepuka kutsegula, lina ndi lolemera. Kutalika kwa banja pakokha sikutiuza ngati m'katimo muli chikondi.

Achimwene a ku Balaka: Ndiye mukutinyoza a ku Balaka?

Aphunzitsi a ku Zomba: Ayi, mwinanso ndikukuyamikirani. Mkazi wa ku Balaka amene wakhala ndi mwamuna zaka 30, pomwe akanatha kumutulutsira katundu panja tsiku lililonse, ameneyo ndiye wasankhadi.

Atsibweni a ku Ntcheu: Apo aphunzitsi mwakhoza, ndipo zikundikumbutsa chinthu chimene palibe wafunsa. Mlongoyu ndi wa ku Dedza, mnyamatayo ndi wa kuti? Chifukwa ngati ali wa ku Mzimba kapena ku Nsanje, nkhani ya ndalamayi ili ndi mizu ina. Kwa iye kusamala mudzi wa bambo ake ndi udindo wa mwana wamwamuna, ndipo akuyembekeza kuti mkazi adzalowa m'mudzimo. Kwa mlongoyu mwina akuganiza kuti akadzapuma ntchito adzamanga kwao ku Dedza. M'tauni zimenezi zimabisala chifukwa nonse muli pa lendi. Zimadzatulukira pogula puloti, potcha ana maina, ndiponso wina akamwalira. Anthu amati tinasiyana chifukwa sanali wanga, pomwe anasiyana chifukwa sanafunsane kuti nyumba adzamanga kuti.

Mlongo wobisa dzina (kudzera kwa woyang'anira): Zikomo nonse, ndikuwerenga. Ndi wa ku Kasungu, Mchewa mnzanga, koma ndi woyamba kubadwa ndipo bambo ake anamwalira. Za ku Dedza n'zoona, ndimatumiza K40,000 ndipo sindinamuuzepo, ndinkaona ngati ndi yanga. Wa ku kolejiyo tinasiyana chifukwa anapita ku Joni osatsanzika, ndinamvera kwa anzake. Akuti nthawi imeneyo anali mwana. Koma a Nankhoma, funso langa lenileni likadalipo. Ngati ndi kusankha chabe, ndiye kuti ndikanatha kukwatiwa ndi mwamuna aliyense wabwino? Zimenezo zikundiopsa. Ndimafuna kumva kuti uyu ndi wanga, osati kuti ndi amene anapezeka.

Wa ku Joni: Osatsanzika! Mlandu watha, tiyeni tizipita.

Nankhoma wa Chigwirizano: Mwananga, aliyense ayi. Alipo amuna abwino ambiri oti iwe sungakhale nawo mwezi umodzi, wina salankhula, wina safuna ana, wina kupemphera kwake ndi kwina, wina thupi lako silimufuna basi, ndipo chimenecho si chinthu chochita nacho manyazi. Kuyenerana kulipo. Chimene ndikukana ndi chiwerengero chakuti mmodzi. Oyenerana nawe angakhale angapo pa dziko lino, ndipo ambiri sudzakumana nawo. Koma ukatenga mmodzi mwa iwo, n'kuikira naye maliro, n'kugona naye pansi m'chipatala podwazika mwana, n'kumanga naye nyumba njerwa imodzi imodzi, pakatha zaka amakhala munthu woti palibenso wina angalowe m'malo mwake, chifukwa palibe wina amene analipo. Amuna anga nditawaona koyamba anali mmodzi mwa anyamata atatu amene akanatha kundikwatira. Lero ndi okhawo. Ndiye ukandifunsa ngati nthiti ilipo ndikuti ilipo, koma ine yanga ndinaizindikira ndili ndi zidzukulu.

Koma ndikufunse chimene palibe wakufunsa. Mphunzitsiyo umamufuna? Sindikunena kugunda kwa mtima. Akakhala kuti wapita kokalembetsa mayeso sabata yonse, umamusowa kapena umapuma? Chikakusangalatsa ku ntchito, woyamba kumuimbira ndani? Akalankhula pa gulu umanyadira kapena umayang'ana pansi? M'kalata yako wanena kuti samwa, samenya, amayi amamukonda. Zonsezo ndi zabwino, koma sunanene kuti iwe umamukonda. Mwina unangoiwala. Ngati sunaiwale, usamulakwire mwana wa eni pomukwatira ngati mankhwala.

Mbale wa ku Ndirande: Mwaonatu mayi, mwabwerera kwa ine. Mtima uyenera kuvomera.

Nankhoma wa Chigwirizano: Uvomere, inde. Koma sukuyenera kulota.

Nabanda: Ndiwonjezere chimodzi pa mafunso a mayiwa. Mukakangana amakunyoza? Osati kukweza mawu, kunyoza. Kukuseka, kukutchula kuti ndiwe mbuli, kutchula za kwanu. Wanga uja asanayambe manja anayamba ndi pakamwa, tili pa chibwenzi pomwe, ine n'kumati ndi nthabwala.

Aphunzitsi a ku Zomba: Funso la Nabanda ndi lalikulu. John Gottman, amene anakhala zaka zambiri akuonera mabanja akukangana, anapeza kuti kunyozana ndi chizindikiro chachikulu kuposa zonse choti banja likupita kokatha. Anapezanso kuti mikangano yambiri ya m'banja, pafupifupi iwiri mwa itatu iliyonse, siitha n'komwe, imangobwerabwera, ngakhale m'mabanja okondwa. Ndiye posankha munthu ukusankhanso mkangano umene udzakhale nawo moyo wonse. Wa mphunzitsiyu ukudziwika kale, ndi wa ndalama za kumudzi. Wa winayo mwina ndi wa kusowa osatsanzika.

Mlongo wobisa dzina (kudzera kwa woyang'anira): Sanandinyozepo. Akakwiya amangokhala chete mpaka mawa, zimene zimandipweteka mutu. Kumusowa ndimamusowa. Za kunyadira pa gulu sindinaziganizepo, ndiziganizira. Koma wa ku Cape Town-yo akuti abwera mu Juni ndipo akufuna tionane kamodzi kokha. Ndikuona ngati ndikapanda kumuona ndidzakhala ndikudzifunsa moyo wanga wonse.

Mayi a Pemphero: Pita ukamuone masana, pa malo a anthu, utenge mng'ono wako. Nthawi zina munthu wa m'mutu amafa ukamuona akudya tchipisi.

Atsibweni a ku Ntcheu: Apa mayi a Pemphero tisiyana. Atsibweni a mnyamata anafika kale pakhomo, mawu anaperekedwa. Lilongwe ndi mudzi, wina adzawaona, ndipo nkhani ikafika ku Kasungu siidzafika ngati ya tchipisi. Komanso tayang'anani: mlongoyu akudandaula kuti mnzake amamubisira za foni, pomwe naye ali ndi K40,000 yake ndi mauthenga ake. Ngati akufuna kukamuona, ayambe wamuuza mphunzitsiyo. Ngati sangathe kumuuza, ndiye kuti akudziwa yekha kuti si kungoonana.

Mayi a Pemphero: Atsibweni, mwamuna wake uti wa kuno kwathu angauzidwe zimenezo n'kuvomera? Mukufuna chinkhoswe chithe ndi mawu amodzi.

Atsibweni a ku Ntcheu: Ndiye asapite. Kapena apemphe kuti chinkhoswe chisunthidwe, zimatheka, amauza atsibweni ake kuti zokonzekera sizinakwane ndipo iwo amakanena kwa anzawo. Manyazi a kusuntha tsiku ndi ochepa kuyerekeza ndi kubweza tambala. Chimene sindingavomere ndi kugwira mmodzi ndi dzanja ili, winayo ndi dzanja ilo, n'kumati ndikudikira chizindikiro.

Mbale wa ku Ndirande: Ine ndikadali pomwe ndinali. Asale kudya masiku atatu asanachite chilichonse.

Nachisale: Asale, palibe akuletsa, koma pepala la ndalama lija alembebe. Ndipo atsibweni, mwati aliyense anene malipiro ake enieni. Nanga za katapila kapena ngongole za ku banki nkhonde? Aphunzitsi ambiri malipiro amafika atadulidwa kale.

Atsibweni a ku Ntcheu: Zimenezo ndiye zoyamba. Asanene pakamwa, abweretse pepala la malipiro la mwezi watha, ndipo nayenso mlongoyu abweretse lake.

Woyang'anira gulu: Mlongo wathu wati wawerenga zonse, akumana ndi mphunzitsiyo Loweruka ndipo za K40,000 ayamba ndi iye kunena. Za Juni sanayankhe. Amene mukumufunsa kumbali kuti akupatseni nambala ya mphunzitsiyo ngati samufuna, siyani, ndikuchotsani pa gulu.